Kutayipa osayang'ana pa kiyibodi, zomwe ndaphunzira temu ino

Anzanga ambiri pasukulu pathu kuno ku Mangochi amatayipa ndi zala ziwiri, maso ali pa kiyibodi kusakasaka chilembo. Tangowerengerani nokha, asayinimenti ya mawu 2000 ngati mukutayipa mawu 15 pa mphindi ikudyerani maola awiri ndi kupitirira, pomwe wa mawu 40 pa mphindi wamaliza ola lisanakwane, ndiye laputopu ikakhala yobwereka mwini wake akuyifuna madzulo omwewo kusiyana kwake kumamveka ndithu.

Poyambira ndi mzere wapakati. Sisitani batani la F ndi la J mumva timizere totukuka, anatiika dala kuti zala zamkombaphala zizipeza malo ake maso ali pa sikirini. Dzanja lamanzere limakhala pa A S D F, lamanja pa J K L ndi batani lotsatiralo, chala chachikulu ntchito yake ndi kusiya mpata pakati pa mawu basi. Chala chikapita kukadina chilembo chapamwamba kapena chapansi chizibwerera pomwe chinali, mukapanda kutero dzanja lonse limasuntha ndipo mudzadziwira poti mawu onse akutuluka ndi zilembo zoyandikana nazo, "a" kusanduka "s".

Ine chomwe chandithandiza kwambiri ndi kuyeserera mawu athu omwewa. Tengani "Mangochi". Kachala kakang'ono kamanzere kagwira Shift, chamkombaphala chamanja chidina m, kenako a ndi kakang'ono kamanzere kaja, n chamkombaphala chamanja, g chamkombaphala chamanzere, o chala cha mphete chamanja, c chapakati chamanzere, h chamkombaphala chamanja, i chapakati chamanja. Manja akulandizana bwinobwino. Koma yesani "nyumba" muone, n y u m zonsezi ndi za chala chimodzi, chimachita kudumphadumpha chokha, ndipo Chichewa chili ndi ny ndi mn zambiri, nde mawu ngati amenewa ndimawabwereza pang'onopang'ono mpaka chala chizolowere.

Masiku oyamba liwiro limatsika kuposa kale, apa ndi pomwe ambiri amasiyira. Musayambe kuphunzira usiku woti mawa mukupereka ntchito, yambani sabata yopanda phuma, mphindi 15 tsiku lililonse, ndipo muzisamala zolondola osati kuthamanga chifukwa chala chikazolowera batani lolakwika kuchibweza kumavuta. Maso akamathawirabe pansi phimbani manja ndi chitenje, ngakhale kutentha kwa kunoku thukuta limavutitsa.

Zala zikakhazikika mausi amayamba kukuchedwetsani. Mu Word, Ctrl+Backspace imafufuta liwu lonse kamodzi, Ctrl+Z imabweza zomwe mwangochita kumene. Ctrl+S nayo muzidina ndime iliyonse ikatha, makamaka pa makompyuta a mu labu opanda batire aja, magetsi akangothima zomwe simunasunge zitha kupita.