Chikwangwani chomwe chinkaphethira

Sabata yathayi ndinali pa pulogalamu yoonetsa nyumba yosungiramo katundu isanamangidwe, kuti mwini wake aziyendayenda m'kati mwake pa sikirini. Timagwiritsa ntchito `OpenGL`, ndipo Lolemba abwana anati matirikisi ya kamera ndilembe ndekha, tisiye kudalira `gluPerspective` yomwe ndi yachikale. Matirikisi imeneyi ndi tebulo la manambala 16 lomwe limatenga malo a chinthu patsogolo pa kamera n'kunena pomwe chigwere pa sikirini. Mwa 16 amenewa, asanu okha ndi amene si ziro:

```c
float f = 1.0f / tanf(fovy / 2.0f);
m[0]  = f / aspect;
m[5]  = f;
m[10] = (zFar + zNear) / (zNear - zFar);
m[11] = -1.0f;
m[14] = 2.0f * zFar * zNear / (zNear - zFar);
```

Nditayesa koyamba, nyumba inaoneka chadodolido, yaing'ono ngati bokosi la machesi. Ndinali nditapereka madigiri 60 pomwe `tanf` imafuna marediyani, choncho `f` inatuluka -0.156 m'malo mwa 1.732. Zachibwana, koma zinandidyera m'mawa wonse.

Lachiwiri mnzanga wojambula mapulani anadandaula kuti zipinda zikuoneka zazikulu kuposa za pa makina ake, pomwe tonse tinaika 60. Nkhani inali yakuti 60 yanga ndi kona ya m'mwamba ndi pansi, yake ndi ya m'mbali. Pa sikirini ya 16:9, madigiri 60 a m'mwamba ndi pansi amapereka pafupifupi 91.5 m'mbali. Si 107 ayi. Sumachulukitsa kona yeniyeniyo ndi 16/9, umachulukitsa `tan` ya theka lake. Tinamvana.

Vuto lenileni linabwera Lachitatu. Pakhoma la kumapeto pali chikwangwani chotalikirana ndi khomalo masentimita 2. Ukaima pafupi chimaoneka bwino, koma ukaima pageti, mamita 100 kuchokera pamenepo, chinkaphethira, mizere ya khoma ikulowa n'kutuluka kamera ikangosuntha.

Kamera imakhala ndi malire awiri: chilichonse chapafupi kuposa `zNear` kapena chakutali kuposa `zFar` chimadulidwa, sichijambulidwa. Ine ndinaika mamita 0.01 ndi mamita 1000. Maganizo anga oyamba anali akuti 1000 yachulukitsa, ndiye ndinatsitsa kufika 500. Palibe chinasintha. Mkulu wina amene tili naye mu ofesi anasuzumira n'kunena kuti, "Achimwene, mukukumba kolakwika. Taonani nambala yaing'onoyo."

Chinsinsi chili pa `-1.0f` uja. Iyeyo ndi amene amakopera mtunda wa chinthu n'kuuika mu `w`, nambala yachinayi ya malo a chinthucho, kenako khadi la zithunzi limagawa `x`, `y` ndi `z` ndi `w` ameneyo. N'chifukwa chake zakutali zimachepa. Koma kugawa komweko kumachititsa kuti nambala yosungidwa ya kuya, yomwe khadi limaonera chinthu chomwe chili patsogolo pa chinzake, isamakwere mofanana ndi mtunda: imathamanga pafupi ndi kamera, kutali n'kumangokwawa. Pafupifupi theka la manambala onse limathera pakati pa `zNear` ndi kawiri kake. Kwa ine, theka lonselo linkathera pakati pa sentimita imodzi ndi masentimita awiri kuchokera pa diso, pomwe palibe chilichonse choti n'kujambula!

Ndinawerengera papepala. Kuya timasunga m'mabiti 24, omwe ndi magawo 16,777,216. Kampata kochepetsetsa komwe makina angasiyanitse pa mtunda `z` ndi pafupifupi `z*z / (zNear * 16777216)`. Pa mamita 100 ndi `zNear` ya 0.01, kampatako ndi masentimita 6. Chikwangwani ndi khoma, zosiyana masentimita 2 okha, nthawi zambiri zinkalandira nambala imodzi, n'kumalimbirana kuti ndani ali patsogolo. Onani kuti `zFar` mulibemo m'masamu amenewa. Akakhala wamkulu kwambiri kuposa `zNear`, mphamvu yake ndi yochepa zedi.

Ndinaika `zNear` ya 0.5, kampata n'kutsika kufika milimita imodzi ndi pang'ono. Kuphethira kunatha, ndinaweruka wokondwa.

Lachinayi abwana anayenda m'kanjira kopapatiza ka pakati pa mashelefu n'kuona kunja kudzera m'khoma. Malire apafupi ali ngati galasi la makona anayi lomwe limayenda patsogolo pako, ndipo pa 0.5 galasilo limatambasuka masentimita 51 kumanzere ndi 51 kumanja. Ukayandikira khoma kuposa pamenepo, m'mphepete mwa galasi mumaloŵa m'khoma n'kulidula.

Lachisanu tinakhazikika pa 0.2. Kampata pageti paja ndi mamilimita 3, okwanira chikwangwani chathu, ndipo ngodya za galasi zili masentimita 31 kuchokera pa diso. Ndinaletsa kamera kuyandikira khoma lililonse kuposa masentimita 35. Mawa lino ndiyamba kusamutsira zonsezi ku `Vulkan`, komwe kuya kumayambira 0 kufika 1 m'malo mwa -1 kufika 1, ndipo `y` imaloza pansi. `m[5]`, `m[10]` ndi `m[14]` ziyenera kulembedwanso.