Modelo imodzi, koma apu ina ikujambula pomwe ina ikukana

Sabata ino ntchito yanga yambiri inathera pa dandaulo limodzi. Kampani yathu yaing'ono kuno ku Mzuzu inakonzera gulu lina la alimi a nkhuku apu yoyankha mafunso pa WhatsApp: mtengo wa anapiye, masiku a katemera, komwe chakudya chikupezeka. Lolemba m'mawa mayi amene amayendetsa malonda a gululi anatipeza ku ofesi kuchokera ku Luwinga, foni ili m'manja. Ankafuna chithunzi chotsatsira anapiye a tsiku limodzi, koma apu yathu inali itawakanira. Apu ina, yomwe mwana wawo anawaikira mufoni, inali itatulutsa chithunzi chokongola cha anapiye ali m'khola, ndipo dzina la modelo yake, pulogalamu ya AI imene imapanga mayankho, linali lomwelo limene ife tinalemba pa mgwirizano.

"Achimwene, kodi simunatipatse yachikale? Nanga chinthu chimodzi chingamakane kuno n'kumavomera uko?"

Funso lawo linali lomveka ndithu. Ndinawapempha kuti andipatse mpaka Lachisanu kuti ndidzawaonetse ndi maso, osati kungowauza.

Lachiwiri ndinakhalira kuwerenga zimene seva yathu imatumiza. Munthu akalemba uthenga, sikuti mawu akewo amapita okha ku modelo. Apu imawakulunga pamodzi ndi zinthu zina zomwe mwini foni saziona: dzina la modelo, malangizo amene wokonza apu analemba, ndi mndandanda wa zida zomwe modeloyo ikuloledwa kuitana. Mwa zitatuzi, chofanana pakati pa apu yathu ndi inayo ndi dzina lokha. Malangizo athu amanena poyera kuti ntchito ndi ya nkhuku basi ndipo zithunzi ayi, ndipo pamalo a `tools` pali chida chimodzi chokha, choonera mitengo.

Modelo imene timagwiritsa ntchito imatulutsa malemba okha, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokonekera. Ili ngati mlembi wa pa shopu yosindikiza amene burashi sagwira: kasitomala akafuna chikwangwani, iye amalemba kakalata kofotokoza zofunikazo n'kupatsira wojambula wa chipinda chinacho, ndipo kasitomala amatuluka akuganiza kuti wajambula ndi mlembiyo. ChatGPT inkachita chimodzimodzi mu 2023: GPT-4 inkalemba malongosoledwe, yojambula inali DALL·E 3. Masiku ano ziliko modelo zina zotha kutulutsa chithunzi zokha, koma nazonso zimafuna kuti wokonza apu atsegule mbali imeneyo ndiponso kuti apu ithe kuonetsa chotulukacho. M'kati mwa apu ya mwana wa mayi aja sindingaonemo, koma zizindikiro zinalipo: imakhala kaye chete kwa kanthawi, kenako chithunzi chimabwera chathunthu ngati fayilo, osati pang'onopang'ono ngati mmene mawu amatulukira.

Lachitatu ndi limene linandiphunzitsa zambiri. Pa seva yoyeserera ndinachotsa mzere woletsa zithunzi uja, koma osaikapo chida chojambulira, kuti ndione chimene chichitike modelo ikasiyidwa osauzidwa kanthu. Pempho linali limodzimodzi nthawi zonse, koma zotuluka zinali zosiyanasiyana. Nthawi zina inkakana. Nthawi zina inkafotokoza m'mawu mmene chithunzicho chingaonekere. Kangapo inalemba ngati chithunzi chatumizidwa kale, chikhalirecho palibe chimene chafika, ndipo ichi ndiye choopsa, chifukwa mlimi akhoza kumadikira n'kumaimba mlandu netiweki. Penanso inalemba zinthu ngati izi:

```
<svg xmlns="http://www.w3.org/2000/svg" width="200" height="200">
  <circle cx="100" cy="110" r="50" fill="yellow"/>
</svg>
```

Amenewa ndi malemba, koma mukawasunga mufayilo ya `.svg` n'kutsegula pa Chrome, mumaona chinthu chozungulira chachikasu, thupi la mwanapiye. Apu yodziwa kuonetsa SVG ikanaoneka ngati yajambula. WhatsApp siichita zimenezo, imafuna JPEG kapena PNG, choncho mlimi angangoona zilembo zosamveka. Yankho la modelo n'limodzi, koma wina aona chithunzi, wina aona zinyalala.

N'chifukwa chiyani imasinthasintha chonchi? Modelo siidziwa kuti yaikidwa mu apu iti. Zimene imanena zokhudza iyo mwini imazitenga m'malemba omwe inaphunzitsidwa nawo, ndipo malembawo anathera pa nthawi inayake. Muli nkhani za mapulogalamu ojambula ndi za osajambula, zonse pamodzi. Kuwonjezera apo, posankha liwu lotsatira pamakhala kamwayi, kamene timakachepetsa kapena kukakweza ndi `temperature`. Ndiye ngati malangizo ali chete, imangopeka chimene chikuoneka chotheka. Ine ndimaona kuti wokonza apu amene wasiya mpata umenewu walakwira anthu ake, chifukwa chiganizo chimodzi chokha chikanatseka.

Lachinayi ine ndi mnzanga wa pa desiki yoyandikana tinalumikiza chida chojambulira pa seva yoyeserera ija. Chimene modelo imaona n'chochepa kwambiri:

```
{"name": "jambula_chithunzi",
 "description": "Draws a picture from a text description"}
```

Pansi pake pamakhala malo amodzi olembapo malongosoledwe a chithunzi. Kungoika zimenezi, kukana kuja kunatha. Pempho la mayi aja litafika, modelo sinayankhe munthu. Inabweza uthenga wopita ku seva yathu woitana `jambula_chithunzi`, italembamo m'Chingerezi za anapiye achikasu, utuchi pansi ndi chomwera madzi. Seva inatumiza mawuwo ku modelo ina yojambula, chithunzi chinabwera ngati PNG, ndipo seva inachiponya pa WhatsApp. Modelo yoyamba ija sinasinthe ngakhale pang'ono.

Mavuto awiri anaonekera pomwepo. Loyamba linali malemba a pa chithunzi. Mawu akuti "Anapiye a tsiku limodzi" ankatuluka zilembo zina zitasowa kapena zitabwerezedwa, ndipo pa chotsatsa malonda nambala ya foni ikalakwika ndi digiti imodzi, ntchito yonse yawonongeka. Tinagwirizana kuti chida chizijambula anapiye okha, mawu ndi mtengo aziikidwa pamwamba ndi pulogalamu yathu. Lachiwiri linali ndalama. Chithunzi chilichonse chimalipiridwa pachokha, m'madola, ndipo chimadula kuposa yankho la mawu. Kutsegulira mlimi aliyense kukanatha ndalama ya gulu ya mwezi wonse msanga, ndipo n'chifukwa chake chidachi sichinalimo poyamba.

Lachisanu mayi aja anabwera, kunja kukuwaza kamvula ka Mzuzu. Ndinawaonetsa mawindo awiri pa kompyuta, `model` yofanana konsekonse, kwina chida chilipo kwina palibe, ndipo pempho lawo analemba okha mbali zonse ziwiri. Atayang'ana zotsatira, anafunsa funso limene ndinalikonda: "Ndiye ikamati siitha, ikunena za iyo kapena za inu?" Ndinawayankha kuti ikunena za mmene ife tinaikonzera.

Tinapangana kuti chida chojambulira chitsegulidwe pa manambala a mu ofesi ya gululo okha. Seva iziyamba yaona nambala ya wotumiza: ikakhala ya mu ofesi, chida chizipita limodzi ndi uthenga, ikakhala ya mlimi, malangizo azinena kuti apu ino siitumiza zithunzi ndipo ofuna chotsatsa alankhule ndi a malonda. Mayiwo atumiza manambalawo Lolemba, komiti ikavomereza kuchuluka kwa zithunzi za pamwezi.