Masamba 14 a njira zofufuzira atsala ndime 2

Anzanga a ku mayunivesite a Wits ndi UJ, ndamaliza kusandutsa mutu wa thesisi yanga kukhala mutu wa m'buku. Gawo la njira zofufuzira linali masamba 14, pano latsala ndime 2.

Ndasiya zokhazo zothandiza wowerenga kukhulupirira zomwe ndinapeza: ndinacheza ndi amayi 30 ochita malonda ku Yeoville mumzinda wa Johannesburg, ndinawapeza bwanji, liti, komanso kuti tinkayankhula Chichewa ndipo ndinamasulira ndekha. Ndachotsa masamba oteteza chifukwa chimene ndinasankhira njirayi, poti ankafunika kwa ondiyesa mayeso basi. Chilolezo cha kafukufuku chatsala chiganizo chimodzi.

Koma musadule mopitirira. Amayi opanda mapepala ambiri anakana kuyankhula nane, ndipo zimenezi ndazisiya poyera, chifukwa zikusintha tanthauzo la zotsatira zonse.