Sabata yophunzitsa anzathu atsopano kuwerenga tchati cha golide

Ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku ndi kulemba lipoti la m'mawa lonena za mitengo ya zinthu pa msika wa dziko lonse, koma sabata yathayi anandipatsanso udindo wophunzitsa achinyamata awiri amene angolembedwa kumene ntchito mu ofesi mwathu, mnyamata ndi mtsikana. Onse awiri anaphunzira za chuma, ndipo onse anabwera akukhulupirira kuti mizere yojambulidwa pa tchati imanena kumene mtengo ukupita. Cholinga changa chinali choti pofika Lachisanu adziwe kujambula mizereyo molondola, komanso adziwe funso limene mizereyo ingayankhe ndi limene singayankhe.

Lolemba tinatsegula tchati cha XAU/USD, chimene chimasonyeza mtengo wa aunzi imodzi ya golide mu madola a ku Amereka, aunzi imodzi kukhala magalamu 31.1. Ndinawaletsa kugwiritsa ntchito tchati cha mphindi zisanu chimene ongoyamba kumene amachikonda chifukwa chimagwedezeka kwambiri. Tinasankha cha tsiku ndi tsiku, chimene kandulo iliyonse imaimira tsiku limodzi, kusonyeza mtengo wotsegulira, wotsekera, wokwera kwambiri ndi wotsika kwambiri.

Asanadine batani loika avareji yoyenda pa tchati, ndinawapempha kuti aiwerengere okha pa pepala, chifukwa munthu amene waiwerengerapo ndi dzanja lake saiona ngati chinthu cha matsenga. Ndinawapatsa mitengo yotsekera ya masiku asanu yongopeka: 2,030, 2,040, 2,025, 2,045 ndi 2,060. Kuphatikiza zonse kumapereka 10,200, ndipo kugawa ndi 5 kumapereka 2,040. Tsiku lachisanu ndi chimodzi mtengo utatseka pa 2,090, timachotsa 2,030 wa tsiku loyamba lija n'kuikapo 2,090, avareji n'kukhala 2,052. Apa ndinawauza kuti ayang'anitsitse: mtengo wakwera ndi madola 30, pamene avareji yakwera ndi madola 12 okha. Kuchedwa kumeneku si vuto la kompyuta, ndiye chibadwa cha avareji. Avareji ya masiku 50, imene pa kompyuta imalembedwa SMA 50, imatsalira kumbuyo kwa mtengo ndi masiku pafupifupi 25, ndipo SMA 200 imatsalira ndi masiku pafupifupi 100. Palinso mtundu wina wa avareji yoyenda wotchedwa EMA, imene imapatsa mphamvu zambiri masiku aposachedwa, motero imatembenuka msanga, koma kutembenuka msangako kumaichititsanso kuti izinamizidwa kawirikawiri ndi kugwedezeka kwa masiku ochepa.

Mnyamata uja anali atamva kale kuti SMA 50 ikadutsa pamwamba pa SMA 200 ndiye kuti nthawi yogula yakwana. Sindinamutsutse ndi pakamwa, ndinangobwezera tchati ku mapeto a 2022. Golide anatsika kufika cha m'ma 1,615 pakati pa Sepitembala ndi Novembala chaka chimenecho, kenako anayamba kukwera. Mizere iwiri ija inadutsana mu Januwale 2023, mtengo uli kale pafupi ndi 1,900. Wodikira chizindikirocho anaphonya madola oposa 250 pa aunzi iliyonse. Izi sizikutanthauza kuti chizindikirocho n'chachabe, pakuti chinatsimikiza kuti kutsika kwa chaka cha 2022 kwatha, koma chinatsimikiza zinthu zimene zinali zitachitika kale. Choipa kwambiri chimaoneka mtengo ukamangozungulira malo amodzi, monga mmene unachitira nthawi yambiri mu 2021. Pamenepo avareji imagona chopingasa, mtengo n'kumaidutsa uku ndi uku, ndipo munthu wotsatira kudutsana kulikonse amagula pamwamba n'kugulitsa pansi mobwerezabwereza. Njira yozindikirira nyengo yotere ndi yosavuta: yang'anani ngati avarejiyo ikupendekekera kumwamba kapena kumunsi. Ngati yagona, musaifunse chilichonse.

Nthawi yambiri ya sabatayi inathera pa sapoti ndi rezisitansi. Sapoti ndi dera la mtengo limene kutsika kwakhala kukuimapo chifukwa ogula amachuluka, ndipo rezisitansi ndi dera limene kukwera kwakhala kukuimapo chifukwa ogulitsa amachuluka. Ndimanena kuti dera, osati mzere, chifukwa pa golide kusiyana kwa madola 10 kapena 20 si kanthu, ndipo makampani osiyanasiyana amene anthu amagulira ndi kugulitsira golide amasonyeza mitengo yosiyana pang'ono pa nthawi imodzimodzi. Chifukwa chake maderawa amagwira ntchito nthawi zina ndi khalidwe la anthu basi. Amene anagula pamwamba n'kuluza amadikira kuti mtengo ubwerere pomwepo agulitse atuluke opanda chilonda, amene anaphonya kugula pansi amadikira mwayi wachiwiri, ndipo anthu ambiri amaika malamulo awo ogula ndi ogulitsa pa manambala osavuta kukumbukira monga 2,000.

Lachitatu ndinasindikiza tchati cha kuyambira 2020 mpaka 2024 pa pepala lalikulu, n'kuphimba mbali ya kumanja ndi katoni kuti asaone zimene zinachitika pambuyo pake. Ndimakonda njira imeneyi chifukwa tchati chikaoneka chonse aliyense amakhala katswiri. Ndinkasuntha katoniyo pang'onopang'ono, iwo ali ndi pensulo ndi rula. Anaona golide akufika cha m'ma 2,070 mu Ogasiti 2020, nthawi ya mliri wa Covid-19, n'kubwerera. Anamuonanso akufika pomwepo mu Malichi 2022, nkhondo ya ku Ukraine itangoyamba, n'kubwereranso. Mu Meyi 2023 zinachitikanso kachitatu. Onse awiri anajambula dera la rezisitansi pamenepo, ndipo anajambula bwino.

Kenako ndinaimitsa katoni pa 4 Disembala 2023, n'kuwauza kuti m'bandakucha wa tsiku limenelo, misika ya ku Asia yokha ili yotsegula ndipo kuno anthu ali m'tulo, golide anadumpha kupitirira 2,130. Ndinawafunsa chimene akanachita. Mnyamata anayankha mosazengereza kuti, "Bwana, denga labooka, ine ndikanagula." Mtsikana anafunsa kaye kuti, "Kodi bwana, tsikulo linatseka pa mtengo wanji?" Funso limeneli ndi limene ndinkalidikira. Nditasuntha katoni anaona kandulo ya chingwe chachitali pamwamba chosonyeza pamene mtengo unafika, koma thupi lake litatsekera cha m'ma 2,030, ndiye kuti pansi pa dera lija. Wogula pamwamba penipeni analuza madola pafupifupi 100 pa aunzi tsiku lisanathe. Tinawerengera tanthauzo lake mu ndalama: pa golide, loti yathunthu, umene ndi muyeso wa kukula kwa malonda, nthawi zambiri imakhala maaunzi 100, choncho wogula 0.10 ali ndi maaunzi 10, ndipo kutsika kumeneku kunamudyera madola 1,000. Ngati mu akaunti yake munali madola 500 okha, kampani ikanamutsekera malonda akewo mtengo usanafike n'komwe pansi.

Zizindikiro zochenjeza zinalipo kwa woyang'ana mofatsa. Kudumphako kunachitika pa maola amene ogula ndi ogulitsa amakhala ochepa, London ndi New York asanatsegule, ndipo mtengo sunatseke tsiku pamwamba pa deralo. Kuboola kwenikweni kunadza kumayambiriro kwa Malichi 2024, pamene golide anatseka pamwamba pa 2,100 masiku angapo otsatizana osabwereranso m'munsi. Komabe ndinawachenjeza kuti kudikira kutseka kwa tsiku nakonso kuli ndi mtengo wake, popeza wodikira amagula modula kuposa wothamanga. Palibe lamulo limene limachotsa zoopsa zonse ziwiri nthawi imodzi, munthu amangosankha chimene thumba lake lingathe kupirira.

Maganizo anga pa nkhaniyi, amene ndinawauza mosabisa, ndi akuti ntchito yabwino kwambiri ya sapoti ndi rezisitansi si kulosera, koma kukuuzani pamene ganizo lanu lafera. Mukagula pa 2,110 chifukwa mukukhulupirira kuti 2,070 tsopano yasanduka sapoti, ndiye kuti mtengo ukatseka pansi pa dera limenelo chifukwa chanu chogulira chatha, ndipo muyenera kutuluka. Lamulo lodzitsekera lokha, limene pa kompyuta limalembedwa Stop Loss, mungaliike cha m'ma 2,050, kunja pang'ono kwa deralo. Mtunda wake ndi madola 60 pa aunzi. Munthu amene ali ndi madola 6,000 ndipo salola kuluza zoposa gawo limodzi pa 100, ndiye kuti madola 60, akhoza kugula aunzi imodzi yokha, imene ndi 0.01 ya loti. Mnyamata uja anadandaula kuti phindu lake likhala lochepa kwambiri, ndipo ndinamuvomereza, koma masamuwo sasintha chifukwa cha kudandaula.

Lachinayi tinakambirana zimene tchati sichiona. Golide sabereka chiwongoladzanja, choncho banki yaikulu ya ku Amereka ikakweza chiwongoladzanja, monga inachitira mwamphamvu mu 2022, anthu ambiri amakonda kusunga madola, golide n'kufooka. Komanso mabanki aakulu a mayiko osiyanasiyana anagula golide woposa matani 1,000 mu 2022 ndiponso mu 2023, ndipo ogula oterewa sagula chifukwa cha mzere wa munthu wina. Ndinawaonetsanso Epulo 2013, pamene sapoti ya cha m'ma 1,525, imene inagwira kangapo kuyambira 2011, inasweka ndipo golide anatsika ndi madola oposa 200 m'masiku awiri a malonda. Sapoti yagwira katatu si lonjezo lakuti igwiranso kachinayi. Pa kugwa kothamanga ngati kumeneko ngakhale Stop Loss imatha kukutulutsani pa mtengo woipa kuposa umene munalemba, chifukwa pa mtengo wanuwo palibe wogula.

Lachisanu linali tsiku limene boma la Amereka limatulutsa chiwerengero cha anthu olembedwa ntchito, chimene nthawi zambiri chimatuluka Lachisanu loyamba la mwezi, 8:30 m'mawa ku New York, kuno kuli masana. Ndinawauza kuti asakhudze kalikonse, angoyang'ana mmene kusiyana kwa mtengo wogulira ndi wogulitsira kumakulira pa mphindi zimenezo, ndi mmene mtengo umadutsira mizere yawo ngati kuti kulibe. Pambuyo pake aliyense analemba ndime yake yoyamba ya lipoti. Mtsikana analemba kuti golide akwera chifukwa ali pamwamba pa SMA 200, ndipo ndinamubwezera kuti akonze. Chiganizo chimene ndinavomereza chinanena kuti mtengo uli pamwamba pa avareji imene ikupendekekera kumwamba, chinatchula dera la sapoti, n'kunena kuti kutseka pansi pa deralo kudzasintha kaonedwe kathu.

Ndinawonjezera chinthu chimodzi chokhudza makasitomala athu, amene ambiri amawerengera chuma chawo mu makwacha. Mu Novembala 2023 Banki Yaikulu ya Malawi inachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, ndipo mtengo wa golide mu makwacha unalumpha tsiku limodzi pamene tchati cha XAU/USD sichinasonyeze kanthu kachilendo. Choncho ndime iliyonse yopita kwa makasitomala amenewa iyenera kutchula mtengo wa dola umene wagwiritsidwa ntchito ndi tsiku lake, ndipo sabata ino awiriwa ayamba kujambula tchati chachiwiri cha golide mu makwacha pambali pa cha madola.