Waya wakuda womaliza uja ndamumvetsa tsopano

Kwa miyezi itatu ndakhala ndikuloweza ndondomeko yojampira galimoto osadziwa chifukwa chake. Kugalaja komwe ndikuphunzira umakanika kuno ku Zomba, ndikafunsa chifukwa chomwe waya wakuda womaliza sapita pa batire lakufa, yankho limakhala lakuti, "Ndi mmene timachitira, bweretsa sipanala." Ndinkangotsatira, koma mumtima ndinkaona ngati ndi mwambo chabe. Loweruka lapitali ku Chinamwali ndi pomwe ndinaona chifukwacho ndi maso anga, ndipo mtima wakhala pansi.

Amalume anaiwala kuzimitsa magetsi ang'onoang'ono a galimoto yawo usiku wonse. Kunja kutacha, ndi kuzizira kwa mu Juni komwe kumatsika m'phiri kuja, kiyi akampotokola kunkangomveka tyatyatyatya. Galimotoyo ndi ya otomatiki, ndiye zokankha panalibe. Anandiimbira kuti, "Mphwanga, bwera ndi tizida tako tija." Ndinayeza batire ndi malitimita, nditaika pa DCV 20, ndipo inaonetsa mavoti 11.6. Anzanga mukudziwa kale kuti batire lodzadza limakhala pa 12.6 injini itazima, choncho ili linali litatheratu. Ndinaliyang'ananso ngati latupa, lang'aluka kapena likudontha asidi, chifukwa lotero silijampidwa. Linali bwinobwino.

Aneba anabweretsa galimoto yawo, nayonso ya mavoti 12, tinaiimika pafupi koma osakhudzana ndi ya amalume. Zonse ziwiri tinazizimitsa, giya pa P, handibuleki m'mwamba. Chopanira chofiira choyamba ndinachilumitsa pa pozitivu ya batire lakufa, chofiira chinacho pa pozitivu ya batire lamoyo, kenako chakuda pa negetivu ya batire lamoyo. Chakuda chomaliza ndinachipana pa kachitsulo kena kapafupi ndi injini ya amalume. Aneba analiza yawo, tinadikira pang'ono, amalume n'kupotokola kiyi. Tyatyatyatya yemwe uja.

Amalume anayamba kale kunena za sitata ndi ndalama zake. Ndinati, "Malume, tadikirani kaye ndiyeze." Pa batire la aneba malitimita inaonetsa 14.2, koma pa la amalume inali pa 11.7. Mawaya ali olumikizidwa, manambala awiriwa sayenera kutalikirana chotero. Ndiye kuti moto sumadutsa. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti kachitsulo kaja kanali kopaka penti yakuda yokhuthala, mano a chopanira sanafike pachitsulo chenicheni. Ndinachichotsa n'kuchipititsa pa bawuti yopanda penti ya pa injini, kutali ndi batire. Chitangokhudza, kamoto kabuluu kanathetheka, kuti the! Malitimita inakwera kufika pa 13.4.

Kamoto kameneko ndi kamene kananditsekula mutu. Thupi lonse la galimoto ndi injini yake n'zolumikizidwa ku negetivu ya batire, ndi zija timati eti. Choncho kupana pa bawuti ya injini ndi chimodzimodzi kupana pa negetivu, moto umafika ndithu. Kusiyana kwake ndi malo omwe motowo uthethekere. Zopanira zitatu zoyamba sizithetheka chifukwa njira ya magetsi imakhala isanalumikizike yonse. Chachinayi ndi chomwe chimamaliza njirayo, ndipo pomwe chakhudza ndi pomwe pamathetheka. Batire la asidi limatulutsa mpweya wa haidirojeni, makamaka likamatchajidwa, ndipo mpweyawu umayaka ndi kamoto kochepa kwambiri. Ukathethetsa moto pamwamba pa batire, likhoza kuphulika, asidi n'kukugwera kumaso. Ndondomeko yonse ija cholinga chake n'chakuti kuthetheka, komwe sungakupewe, kuchitikire kutali ndi batire.

Nditamvetsa zimenezi, zina zonse zinayamba kulongosoka zokha. Pochotsa timayamba ndi wakuda wa pa injini uja chifukwa podula njira pamathethekanso, ndiye kuthetheka kumeneko kukhalenso kutali. Kenako wakuda wa batire lamoyo, wofiira wa lamoyo, n'kumalizira wofiira wa batire lomwe linafa. Ngakhale chifukwa choyambira ndi ofiira chikumveka tsopano. Ukayamba ndi akuda, matupi a galimoto ziwirizo amakhala alumikizana kale, ndiye chopanira chofiira chomwe chili ndi moto chikangogunda chitsulo chilichonse pansi pa boneti, imeneyo ndi shoti. N'chifukwa chakenso galimoto siziyenera kukhudzana.

Tinasiya injini ya aneba ikulira kwa mphindi zisanu kuti batire lakufalo limweko kaye. Amalume atapotokola kiyi, galimoto inalira kamodzi. Nditachotsa mawaya ndinayezanso injini ikulira, inaonetsa 14.0, kusonyeza kuti alitaneta ikutchaja. Ikanakhala pa 12 ndi kakuti n'kumatsika, kapena injini n'kuzima mawaya atangochoka, ndikanayamba kukayikira alitaneta kapena lamba wake.

Apa ndi pomwe zimandipweteka. Kugalaja kwathu alitaneta amaiyesa pochotsa teminolo ya batire injini ikulira, akuti ikapanda kuzima ndiye kuti ili bwino. Pa galimoto za masiku ano zokhala ndi kompyuta, kutero kukhoza kukweza mavoti mwadzidzidzi n'kuotcha kompyutayo kapena alitaneta imene. Malitimita imapereka yankho lomwelo m'masekondi ochepa popanda kuika chilichonse pangozi. Sindikunyoza amene akundiphunzitsa, manja awo amadziwa zambiri zomwe ine sindinafikepo, koma nthawi yofotokoza ilibe malo pagalaja. Galimoto imodzi isanatuluke ina yalowa kale, ndipo wophunzira amathera tsiku akutsuka mabawuti m'parafini. Chinthu chomwe ndikanachimva m'mphindi ziwiri chanditengera miyezi itatu.

Kunena zoona, ine ndafika poona kuti wopanda malitimita asamatsekule n'komwe boneti. Komabe khutu nalo limathandiza galimoto ikakana kulira utajampa. Tyatyatya wothamanga amatanthauza kuti moto ukufika wochepa: zopanira sizinalume bwino, mateminolo ali ndi ufa woyera uja kapena ndi olobodoka, kapena mawaya ndi oonda kwambiri, aja otchipa omwe amatentha m'manja ukamaliza. Kukamveka kho kamodzi kokha, magetsi a pa dashibodi akuwala bwino, maso apite ku sitata ndi mawaya ake. Kukakhala zii, yamba waona ngati giya ilidi pa P, uyesenso pa N, kenako mafyuzi, makamaka fyuzi yaikulu ya pafupi ndi batire, yomwe imapsa munthu akasemphanitsa mawaya. Koma injini ikamazungulira mwamphamvu osagwira, batire lachita mbali yake, vuto lili ku mafuta, mapulagi kapena kiyi yemwe galimoto sikumuzindikira. Pamenepo kupitiriza kupotokola n'kungotentha sitata. Osapyola masekondi khumi, kenako ipume.

Amalume ndinawauza kuti ayende ndithu kwa theka la ola, anapita mpaka ku Thondwe n'kubwerera. Chomwe sichikundipatsa mtendere ndi batire lenilenilo. Lakhalitsa, ndipo batire likatsikiratu chotero silibwerera mwakale nthawi zonse. Ndawapempha kuti Loweruka likubwerali asalize galimoto mpaka nditafika, ndiyeze litagona usiku wonse, ndionenso ngati likutsika pansi pa 9.6 pamene akuliza. Likakapezeka pakatikati, losafa koma losakhala bwino, sindikudziwa ngati ndidzalimbe mtima kuwauza kuti agule lina, kapena ndidzangoti tiliyang'anire kaye mpaka kuzizira kuthe.