Tsamba lililonse ndinkaliwerenga palokha

Gulu la achinyamata kwathu linandipempha kulemba mawu a zithunzi zotsatizana za pa Instagram, zija timaseleza ndi chala, zoti zituluke pa 10 Okutobala, tsiku la thanzi la m'maganizo padziko lonse. Nkhani yake inali ya matenda a kukhumudwa.

Chimene chinanditsogolera n'chakuti anthu sagawana masamba onse. Munthu amajambula limodzi lomwe lamugwira mtima n'kuliponya pa WhatsApp, kenako limakafika kwa wina amene sanaone enawo. Choncho tsamba lililonse ndinkaliwerenga palokha, ndikudzifunsa: likafika lokha kwa munthu amene wagona masiku osatuluka m'nyumba, limuthandiza kapena limupweteka?

Anzanga ankafuna tsamba lachitatu lilembedwe ndi zilembo zazikulu kuti "Okhumudwa ndi ofooka m'chikhulupiriro", kenako lachinayi litsutse bodzalo. Ndinakana, chifukwa lachitatulo likayenda lokha ndiye kuti bodza talifalitsa ndife. Tinalemba zoona zokhazokha pa tsamba limodzi: "Kukhumudwa ndi matenda. Amagwira opemphera ndi osapemphera omwe, ndipo amachizika." Mawu akuti "wamisala" ndi "wozungulira mutu" sanalowemo. Tinkati "munthu amene akudwala matenda a m'maganizo", kuti umunthu wake uzikhala patsogolo.

Pa zizindikiro ndinasamala kuti wowerenga asadziyeze yekha. Tinatchula kusasangalala ndi zomwe unkazikonda, kusowa tulo kapena kugona kwambiri, ndi kusafuna kudya, n'kuwonjezera pomwepo kuti zikapitirira masabata awiri, munthu akaonane ndi achipatala. Sitinalembe kuti "ndiye kuti uli nawo".

Malangizo ndi amene ananditengera nthawi. "Limba mtima" ndinachotsa, chifukwa wodwala amamva ngati tikumuuza kuti sakuyesetsa. Pemphero ndi kucheza ndi abale tinazisiyamo, koma pambali pa chipatala, osati m'malo mwake. Dzina la mankhwala kapena mlingo wake sitinatchule. Tinangoti mankhwalawa amatenga masabata angapo kuti munthu ayambe kumva kusintha, ndipo asawasiye mwadzidzidzi asanalankhule ndi amene anamulembera.

Pa tsamba la maganizo ofuna kudzipha tinatsata malangizo a bungwe la WHO: osatchula njira, osaika chithunzi chake, osanena kuti chifukwa ndi chimodzi monga ngongole kapena kutha kwa chibwenzi. Tinalemba chochita: "Uzani munthu amene mumamukhulupirira lero lomwe, musakhale nokha, pitani kuchipatala chapafupi."

Mzere wa komwe kuli thandizo ndinauika pansi pa tsamba lililonse, osati lomaliza lokha: chipatala cha boma cha m'boma lanu, Zomba Mental Hospital, kapena St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Nambala ya foni iliyonse ndinayamba ndaiimba kuti ndimve ngati pali woyankha.

Tisanatulutse, masambawo anawawerenga namwino wa matenda a m'maganizo komanso mnzathu wina amene anadwalapo. Mnzathuyo ndi amene anachotsetsa chithunzi cha munthu wogwira mutu ali pakona ya mdima. Anati iyeyo pamene ankadwala ankapita kuntchito tsiku lililonse atavala bwinobwino.