Lachiwiri: mayankho 63 amene ndawataya

Ndinadzuka mokondwa lero, chifukwa mafunso anga a kafukufuku wa momwe ophunzira a pa yunivesite pano amamvera nyimbo anali atayankhidwa ndi anthu 63. Ndinaponya linki yake m'gulu la kalasi yathu pa WhatsApp Lachisanu, ndipo pafupifupi onse ananena kuti amamvera nyimbo pa intaneti. Ndinanyamuka nazo kupita kwa aphunzitsi amene akundiyang'anira.

Anangoyang'ana pang'ono n'kundifunsa kuti, "Munthu amene analibe bandulo sabata yathayi, akanakuyankhani bwanji?" Ndinasowa chonena. Mnzanga wogona naye chipinda chimodzi amamvera nyimbo usana ndi usiku, koma zonse amachita kuikitsa m'memoli khadi kumsika, zina amalandira kwa anzake pa Bluetooth. Linki yanga sanaitsegule n'komwe. Ndiye kuti ndinafunsa anthu okhala ndi intaneti ngati amagwiritsa ntchito intaneti.

Ndinati mwina ndiponye linkiyo m'magulu ena kuti anthu achuluke. Anakana. Anandiuza za magazini ya ku America yotchedwa Literary Digest, imene mu 1936 inalandira mayankho oposa 2 miliyoni n'kulosera kuti Landon apambana chisankho cha pulezidenti wa dzikolo, koma Roosevelt ndiye anapambana, motalikira zedi. Maina ambiri anawatenga m'mabuku a eni matelefoni ndi eni magalimoto, komanso amene anabweza mayankho anali osiyana ndi amene anangokhala chete. Ukasankha anthu mokondera mbali imodzi, kuwonjezera ena ofanana nawo kumangokulimbitsa mtima pa yankho lolakwika.

Masana ndinakhala mu laibulale n'kuyambiranso. Ndachepetsa malire: kafukufukuyu akhala wa chigawo chathu cha maphunziro chokha, chifukwa ndi chimene ndingapeze mndandanda wake wonse. Muli maina 1,200, ndipo mphamvu zanga zikukwana anthu 100. Kugawa 1,200 ndi 100 kukupereka 12, choncho nditenga dzina limodzi pa maina 12 aliwonse. Poyambira sindinasankhe ndekha, ndinalemba `=RANDBETWEEN(1,12)` mu Excel ndipo panatuluka 7. Ndiye ndikutenga wa nambala 7, 19, 31, 43, mpaka kumapeto. Ndisanawerenge ndinasanja mndandandawo potsata chaka cha maphunziro, kuti a chaka choyamba ndi a chaka chachinayi alowe molingana ndi kuchuluka kwawo. Dzina la mnzanga uja lili pa 20. Ndinalakalaka kusuntha kamodzi kokha, koma ndikayamba zimenezo ndiye kuti ndabwerera kosankha anzanga.

Anthu 100 si ambiri. Mwachidule, kukula kwa cholakwika chobwera mwangozi kumayerekezedwa ndi 1/√n, pamene n ndi chiwerengero cha anthu ofunsidwa, ndipo kwa ine ndi mapointi pafupifupi 10. Ndikapeza kuti 55 peresenti amamvera wailesi, zoona zake zingakhale paliponse pakati pa 45 ndi 65, choncho sindinganene kuti "ambiri amamvera wailesi". Kuti ndifike pa mapointi 5 pafunika anthu pafupifupi 400, zomwe n'zosatheka temu ino.

Chimene chandidyera nthawi kwambiri ndi funso limodzi. Poyamba ndinalemba kuti, "Kodi mumakonda nyimbo zamtundu wanji?" Ndikudziwa kuti munthu ukamufunsa maso ndi maso, makamaka ngati mumakumana ku mapemphero, ayankha kuti zauzimu ngakhale foni yake yadzaza ndi amapiano. Sikuti akunama kwenikweni, akunena za munthu amene amafuna kuoneka. Ndalisintha kukhala, "Dzulo munamvera nyimbo? Nyimbo yomaliza inali yamtundu wanji, ndipo munaimvera pa chiyani?" Zadzulo munthu amazikumbukira, ndipo n'zovuta kuzikongoletsa. Aziyankha papepala lopanda dzina, n'kuliponya yekha mu envulopu.

Ndikutuluka mu laibulale m'pamene ndinazindikira msampha wina. Ndikafunsa onse Lolemba, "dzulo" lawo likhala Lamulungu, ndipo nyimbo zauzimu zichulukanso. Ndiye ndawagawa m'masiku asanu ndi awiri a sabata, anthu 14 kapena 15 patsiku, Loweruka ndi Lamulungu lomwe.

Otsala ndi amene sadzapezeka. Ogona m'mahositelo n'ngosavuta, koma ochita lendi kunja amathamangira kwawo kalasi ikangotha, ndipo ndikuganiza kuti mamvedwe awo a nyimbo ndi ena: m'minibasi, pa wailesi ya eni nyumba, pa foni yosunga moto chifukwa cha kuzima kwa magetsi. Aliyense ndimuyesa katatu pa nthawi zosiyana. Akakanika sindilowetsa wina amene ndakumana naye pakhonde, ndingolemba kuti sanapezeke, chaka chake ndi kumene amagona, kuti pamapeto ndione ngati osowawo aunjikana mbali imodzi.

Mawa ndiyesa mafunsowa pa anthu asanu amene sali mu 100 aja. Woyamba ndi wa nambala 20, amene pano akuliza nyimbo za m'memoli khadi yake ine ndikufuna kugona.